Kugula nsapato pamsika: kunenerera, kuchotsera, kubwezeredwa ndalama ndi risiti

Wophunzira: Muli bwanji bambo? Ndabwera kudzagula nsapato, komanso ndikuphunzira mawu a pamalonda, choncho ndikupemphani kuti muzindikonza ndikalakwitsa.

Wogulitsa: Ndili bwino mayi, kaya inu? Yesani zakudazi, mtengo wake ndi umene walembedwa pakapepalapo.

Wophunzira: Ndili bwino, zikomo. Zandikwana ndithu, koma mtengowu wandikulira. Kodi ndingathe kuchotsera?

Wogulitsa: Pamenepo mwasokoneza pang'ono. Inu wogula mumanenerera, kutanthauza kuti mumatchula mtengo umene mungakwanitse, ine n'kutchula wanga, mpaka titagwirizana. Kuchotsera ndi kwa ine wogulitsa, chifukwa ndine amene ndimatsitsa mtengo. Inu munene kuti, "Tandichotserani."

Wophunzira: Ndamva. Ndiloleni ndinenerere: tandichotserani magawo 20 pa 100 alionse, popeza ndikufuna kutenga mapeyala awiri, anga ndi a mwana wanga.

Wogulitsa: Tsopano mwayankhula bwino, ngakhale kuti mwanenerera mopitirira. Ndikachotsa magawo 20 sindipezapo phindu, chifukwa kumene ndinakapikula nakonso zinakwera mtengo. Pa mapeyala awiri ndikuchotserani magawo 10.

Wophunzira: Ndavomera. Koma mwanayo sindinabwere naye, ndipo ndikuopa kuti nsapatozi zikhoza kukamuthina. Zikatero, kodi mudzandipatsa chenji?

Wogulitsa: Ayi mayi, chenji ndi ndalama yotsala imene ndimakupatsani mukalipira ndi ndalama yoposa mtengo wa katundu. Chimene mukufunsa inu ndi kubwezeredwa ndalama: mumabweza katundu, ine n'kukubwezerani zonse zimene munalipira. Zimenezi n'zosiyananso ndi kusinthitsa, pamene mumangotenga saizi ina popanda ndalama kubwerera m'manja mwanu.

Wophunzira: Ndiyesenso. Nsapatozi zikapanda kumukwana mwana wanga, kodi ndidzabwezeredwa ndalama zanga?

Wogulitsa: Mudzabwezeredwa, malinga mukabwera pasanathe masiku 7, nsapatozo zisanapondedwe pansi, ndiponso muli ndi risiti. Dziwani kuti ndidzakubwezerani ndalama imene mwalipira nditakuchotserani, osati mtengo wa pakapepala uja.

Wophunzira: Zimenezo n'zachilungamo. Ndiye chonde mundilembere risiti. Kodi pamafunika kulembapo chiyani?

Wogulitsa: Ndikulembapo tsiku la lero, katundu amene mwagula, masaizi ake, ndalama imene mwalipira ndi siginecha yanga. Anthu ambiri amataya kapepalaka asanatuluke n'komwe mumsika, ndipo akabwerera ndi dandaulo timavutika kutsimikizira kuti katunduyo anagula pano. Muwerenge kaye musanachoke.

Wophunzira: Pa saizi ya mwana mwalemba 33, koma nsapatozi ndi 32.

Wogulitsa: Pepani, ndikonze pompano. Nayi risiti yanu, ndipo nayi chenji.

Wophunzira: Zikomo kwambiri bambo. Zikakamuthina ndibwera Lachisanu ndi risitiyi, koma mwina ndidzangosinthitsa.