Kalata yothokoza Mayi Mukhova

Makwasa, Thyolo
18 Januwale 2025

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi abambo ndi adzukulu kumeneko ku Chisitu. Ine kuno ndili bwino, kungoti mvula yatipanikiza. Zovala ndikachapa Lolemba zimafika Lachinayi zisanaume. Ndapeza mpata wolemba lero chifukwa kuno ku Makwasa, pafupi ndi Malamulo, alimi athu ambiri ndi a Sabata, ndiye Loweruka pasikelo pamakhala zii.

Pafoni paja ndinangoti "Amayi, anditenga!" kenaka mayunitsi n'kutha. Zikomo wa choncho sakwana, n'chifukwa chake ndati ndikhale pansi ndilembe. Ntchito ndinayamba pa 2 Disembala, ukalaliki wa pasikelo pa bungwe la alimi ang'onoang'ono a tiyi. Andipatsa miyezi itatu yondiyesa, ithera kumapeto kwa Febuluwale. Malipiro oyamba ndinalandira chaka chisanathe, ndipo amayi anga anavina pabwalo mpaka oyandikana nawo anatuluka kudzaona.

Ndikufuna mudziwe zomwe kalata yanu ya umboni ija inachita m'chipinda cha mafunso muja, popeza inu munangoidinda chidindo n'kundipatsa, simunaione ikugwira ntchito. Ofunsa analipo atatu. Satifiketi yanga ya MSCE anangoiyang'ana kamodzi n'kuiika pambali. Pabenchi panja panali anzanga a mapointi abwino kuposa anga. Koma bambo wina wa magalasi anatenga kalata yanu n'kuwerenga mokweza ndime ija ya matumba a ufa. Munalemba kuti mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ndipo makalasi athu atasanduka msasa, ine ndinkasunga kaundula wa mabanja ndi wa chakudya. Kuti tsiku lina buku linasonyeza matumba 40 pomwe m'chipinda munali 37. Ndipo kuti ndinabwera ndekha kudzakuuzani usiku womwewo, wina aliyense asanadziwe. Kenaka zinapezeka kuti ndinalemba kawiri matumba atatu omwe anabwera pa ngolo, palibe anaba. Bambo uja anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Bwanji simunangokonza nambalayo mwakachetechete?" Ndinayankha kuti buku silinali langa, linali la anthu ogona m'makalasi aja. Ndinaona mayi wa pakati akulemba kanthu papepala lake.

Nkhani imeneyi ine ndinkaiyesa ya manyazi. Sindinkadziwa kuti inu munaisunga.

Pali china choti ndiulule. Tsiku lomwe ndinkapititsa kalata yanu ku Chitakale kuti akaitaipe, ndinaiwerenga m'minibasi, ndipo nditafika pa mzere woti "pa kompyuta akadali wochedwa, koma akuphunzira", mtima unandiwawa. Ndinalingalira zomuuza mnyamata wotaipa uja kuti angoudumpha mzerewo. Mantha okha ndi amene anandiletsa, podziwa kuti muiwerenganso musanasaine. Ku mafunso anandikhazikadi pa kompyuta kuti ndilowetse maina 20 ndi makilo ake. Ndinachedwa monga munanenera, koma sindinalakwitse nambala ngakhale imodzi. Akanakhala kuti munandiyamikira zomwe ndilibe, tsiku limenelo bwenzi tonse awiri titagwidwa bodza, ndipo ndime ya ufa ija sakanaikhulupirira. Mundikhululukire chifukwa cha maganizo a m'minibasi aja.

Ntchitoyo payokha ndi ya manambala okhaokha, ndipo ino ndiyo nyengo yake, popeza tiyi amaphuka kwambiri ndi mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo. Alimi amafika ndi madengu kumsana, masamba ali chonyowa. Kapitawo amayamba watapa dzanja limodzi kuona ngati athyola bwino, masamba awiri ndi kansonga, osati makalamba. Ndiye timakoleka pasikelo, ine n'kulemba m'buku ndi pa kakhadi ka mlimi. Zonse zimafuna changu chifukwa masamba akakhalitsa atapanikizana amatentha n'kufiira, ndipo kufakitale amawabweza. Ndadziwira kuno kuti pamafunika makilo 4 kapena 5 a masamba aawisi kuti patuluke kilo imodzi ya tiyi wakuda yemwe timamwa uja. Ine wobadwira pakati pa minda ya tiyi ya ku Mulanje sindinkadziwa zimenezi, ndinkangoona mathirakitala akudutsa.

Pali agogo ena, sadziwa kuwerenga, koma akafika pasikelo amandiyang'ana m'maso ndikamalemba, osati pabuku. Sabata yoyamba anandifunsa kuti, "Mwanawe, kwanu n'kuti, anakutuma ndani kuno?" Nditatchula Chisitu ndi dzina lanu anangoti "Chabwino", ngati akukudziwani. Sakukudziwani ayi. Koma ndinamva pomwepo kuti dzina lanu ndayenda nalo mpaka kuno, ndipo theka la kilo ndikalilemba molakwa, dzina langa lidetsedwa pamodzi ndi lanu lomwe.

Tsopano za kubweza. Nkhaniyi yandisowetsa tulo kuposa mafunso aja.

Mukukumbukira tambala uja amayi anga anam'tumiza ndi mlongo wanga tsiku lomwe ndinakupemphani kalata? Munam'bweza, n'kunena kuti kalata yolembedwa tambala ali womangidwa pakhonde imanunkha. Amayi anga anadandaula sabata yathunthu, ankati mwawanyoza. Ine ndazimvetsa tsopano ndili pasikelo, pomwe wina akandibweretsera mapeyala asanakoleke dengu lake ndimachita kusowa poyang'ana. Mnzanga wina wa kuno anandilangiza kuti pa malipiro oyamba ndikutumizireni kangachepe pa Mpamba. Sindinatero, ndipo sinditero. Ndalama ikanasandutsa kalata yanu kukhala katundu wogula, komanso akanamva ana ena a pasukulu paja akanati kwa Mayi Mukhova kalata ili ndi mtengo wake.

Koma paja amati kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Ndiye ndaganiza zomwe ndingathe, inu mundiuze zomwe zikuthandizeni ndi zomwe zingokhala zokutangwanitsani.

Choyamba ndi nkhani ya mabuku ija. Munanditchulira mu Novembala kuti bungwe lina lopereka mabuku ku sukulu za pulaimale likufuna makalata awiri a umboni, imodzi ya komiti ya sukulu, ina ya munthu amene anaphunzira pamenepo. Yachiwiriyo ndiloleni ndilembe ine. Munditumizire pa WhatsApp chithunzi cha pepala lawo, ndione zomwe akufunsa ndi tsiku lotsekera, kuti ndisalembe zanga zosiyana ndi zomwe akufuna. Ndilemba momwe munandilembera inu: zomwe ndinaona ndi maso, ndi chaka chake. Ndinena za kabati ya mu ofesi yanu momwe munkasunga mabuku ochepa aja, ndi kope lomwe tinkasainamo tikabwereka Lachisanu n'kubweza Lolemba. Ndinena kuti nthawi ya msasa munatinyamulitsa mabuku onse a Sitandade 8 kupita nawo kunyumba kwanu kuti asathere kuyatsira moto, popeza nkhuni zinali zonyowa ndipo anthu anali ndi njala. Ndinenanso poyera kuti chipinda chosungira mabuku chilibe mawindo olimba, chifukwa akadzabwera kudzaona adzazipeza okha. Ndikamaliza ndikuonetsani kaye musanaitumize. Mukonze pomwe ndalakwitsa chaka kapena dzina, koma musachotse mawu okuyamikirani chifukwa cha kudzichepetsa kwanu kuja, ndikukudziwani.

Chinanso ndi makope a sukulu. Kompyuta ija munati ndikuchedwa nayo, tsopano zala zayamba kumasuka. Madzulo aliwonse ndimalowetsa makilo a tsikulo mu Excel. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndizibwera, ndizikulowetserani maina ndi malikisi a ana a Sitandade 8, kuti musamakhale mpaka usiku ndi rula ndi nyali. Ngati aphunzitsi a kalasiyo angalole, ndingathenso kukhala ndi atsikana ola limodzi pa masamu mayeso a PSLCE asanafike. Mwina angamve bwino maperesenti akaona kakhadi ka mlimi ndi momwe timachotsera ngongole ya feteleza pa malipiro ake. Ulendo si wovuta: ndikwera mpaka pa boma pa Thyolo, kenaka ya ku Mulanje kudzera pa Luchenza, pofika 10 koloko ndili pakhomo. Za thiransipoti musaganize.

Pali nkhani ina yolemera pakamwa, koma bola muimve kwa ine. Pa Khirisimasi ndinakumana ndi alamu anu pamsika pa Chitakale, ndipo anandikokera pambali n'kunena kuti popeza inu munandilowetsa ntchito, nanenso ndim'lowetse Madalitso wawo. Ndikudziwa kuti si inu munawatuma. Ndinawayankha mwaulemu kuti ine ndi kalaliki wa miyezi yoyesedwa, ndilibe mphamvu yolemba munthu ntchito, ndipo ngakhale ndikanakhala nayo sindikanadutsa kuseri. Chomwe ndingachite n'chakuti pakatuluka mwayi, chidziwitso chikangomatidwa pabolodi, ndichijambula n'kutumiza tsiku lomwelo. Ndimuthandizanso Madalitso kukonza kalata yofunsira ntchito ndi kumuyeseza mafunso. Koma umboni wa kagwiridwe kake ka ntchito sindingalembe, popeza sindinagwirepo naye ntchito ngakhale tsiku limodzi. Auze kapitawo wa kuesiteti komwe ankagwira ganyu chaka chatha, ameneyo ndiye anamuona. Akakudandaulirani alamu anuwo, mudziwe kuti ndi momwe zinayendera.

Nambala yanu ya foni ili mu faelo yanga kuofesi, ndipo amanijala anati mwina adzakuimbirani miyezi itatu ija ikamatha. Akadzaimba nambala yachilendo cha kumapeto kwa Febuluwale, chonde mudzayankhe. Kupatula pamenepo sindidzapereka dzina lanu kwina kulikonse ndisanakupempheni kaye. Ndipo zikandivuta kuno, kaya ndalakwitsa buku kaya andichotsa, mudzamva kwa ine musanamve kwa a m'minibasi.

Ndibwera Loweruka pa 1 Febuluwale. Ndinyamula phava la nthochi la kuno, lomwe ndikagule ndekha pamsika ndi ndalama ya thukuta langa, kalata italembedwa kale ndipo ntchito itapezeka kale, ndiye ili lokha musabweze. Tambala uja naye akadalipo, wanenepa, ndipo wayamba kulimbana ndi agalu. Amayi anga akuti safuna kum'tumizanso ndi mwana. Akuti mubwere inu ndi abambo Lamulungu lake tikaweruka ku tchalitchi, adzam'phike okha, ndi kalongonda pambali.

Mupereke moni kwa abambo, kwa aphunzitsi onse, ndi kwa a Nachisale ophika phala, muwauze kuti chikho chawo cha pulasitiki chija ndidakali nacho, ndibwera nacho.

Ine mwana wanu,
Tamandani