Kalata yofotokoza kutalika kwa kabuku komasuliridwa ndi mtengo wake

Ulongwe, Angoniya
14 Epulo 2025

Kwa Bambo Phiri,
Mlembi wa bungwe la alimi,
Tsangano

Bambo,

Ndalandira kalata yanu yofunsa chifukwa chimene kabuku ka kasungidwe ka chimanga, kamene m'Chipwitikizi kanali ndi masamba 12, kafikira masamba 15 m'Chichewa. Popeza tinapangana mametikali 600 pa tsamba lililonse lomasuliridwa, mtengo wakwera kuchoka pa 7,200, amene munkayembekezera, kufika pa 9,000, ndipo nkoyenera kuti mudziwe kumene kwachokera masamba atatuwo.

Gawo lina ndi chibadwa cha chinenero chathu. Mneni wa Chichewa amasenza yekha wochita, nthawi, kukana ndi ulemu, monga mmene zilili mu "simudzawasunganso", kotero kuti mukawerenga mawu mupeza kuti sanachuluke kwenikweni, koma ndi aatali ndipo amadzaza mzere msanga.

Chachikulu ndi mawu a akatswiri a zaulimi. Mlembi wa Chipwitikizi analemba dzina la aflatokisini napitirira, poganiza kuti wowerenga akulidziwa. Ine ndikadasiya dzinalo lokha, mlimi wa ku Tsangano sakadatolapo kanthu, choncho ndinalemba kuti ndi poizoni wochokera ku chuku chimene chimamera pa chimanga ndi mtedza zosauma bwino, ndipo amawononga chiwindi cha munthu. Chimodzimodzinso pa tsamba 7, pamene akunena kuti chinyezi chisapitirire 13 peresenti: ndinasunga nambalayo, koma ndinawonjezera, titagwirizana ndi mlangizi wanu, kuti njere youma bwino imalira ikalumidwa ndi mano, chifukwa pamudzi palibe chida choyezera chinyezi. Malo otere ndi ambiri, makamaka m'mutu wa mankhwala a anankafumbwe ndi wa matumba osalowa mpweya, ndipo ndawalemba mzere kunsi m'kope limene ndakutumiziranili kuti muwaone nokha. Kupatula malo amenewa, palibe mfundo yanga imene ndalowetsamo.

Ndikudziwa kuti ndalama za bungwe ndi zosonkha za alimi, ndiponso kuti masamba akachuluka, wosindikiza naye akweza mtengo. Ngati akomiti akufuna kuchepetsa, mawu oyamba ndi othokoza, amene atenga tsamba lathunthu, angathe kuchotsedwa, ndipo mtengo utsika kufika pa 8,400. Koma ndikupempha kuti mafotokozedwe a chuku ndi a muyezo wa mankhwala asakhudzidwe, pakuti munthu akalakwitsa pamenepo, chimene chimawonongeka ndi chakudya cha banja cha chaka chonse, mwinanso thanzi la ana.

Chonde mundidziwitse chimene akomiti agamula lisanafike tsiku la 25 Epulo, kuti kabukuka kafike kwa alimi asanayambe kulonga chimanga m'nkhokwe.

Ine wanu,
Mayi Banda
Womasulira