Makalata opempha malangizo kwa Bambo Mbewe pa nkhani ya mota ya pampu nambala 2

Lolemba m'mawa

Bambo Mbewe,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ndine Tadala Nkhoma, wa m'gawo lokonza zamagetsi ku nyumba ya mapampu. Ndalowa chaka chachiwiri pa ntchitoyi. Tinaonana mwezi watha pamene munkatiphunzitsa za kukhoma loko pa aisoleta tisanagwire makina.

Ndabwera ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi funso limodzi lokhudza mota. Chachiwiri ndi pempho, ndipo mukhale omasuka kulikana.

Mota ya pampu nambala 2 ikumazima yokha. Pa mbale yake palembedwa 15 kW, 400 V, 28.5 A, ndipo imayamba pa sitala n'kupita pa delita. Ovalodi ikumadumpha mota ikayenda mphindi 30 kapena 40, koma masana okhaokha, kuyambira cha m'ma 1 koloko. M'mawa ndi usiku imayenda bwinobwino.

Zimene ndaona kale ndi izi. Ovalodi ili pa mawaya opita ku makoyilo, osati pa mawaya atatu olowa, choncho ndinaitchera pa 16.5 A, kutanthauza 28.5 kuchulukitsa ndi 0.58. Ndayeza insuleshoni ndi mega pa 500 V, koyilo iliyonse yapitirira 200 MΩ. Fani ndi yathunthu, zipsepse za mota ndazitsuka, mabeyaring'i sakulira kapena kutentha, ndipo shafiti ikuzungulira ndi dzanja popanda kugwiragwira. Lachisanu nthawi ya 2 koloko masana, mota ikuyenda, ndinayeza polowera pa sitata. Pakati pa L1 ndi L2 ndinapeza 402 V, pakati pa L2 ndi L3 392 V, pakati pa L3 ndi L1 391 V. Kilampu mita inandipatsa 32 A pa L1, 28.5 A pa L2 ndi 26.5 A pa L3. Ndikawerengera, mavoti akusiyana ndi 1.8 peresenti, pomwe maampu akusiyana ndi pafupifupi 10 peresenti.

Anzanga ena akuti tingokweza ovalodi ifike pa 19 A madzi asamasowe. Ine sindinakweze, chifukwa ndikuona kuti tikhala tabisa vuto n'kuotcha koyilo. Maganizo anga ndi akuti vuto lili ku magetsi olowa, osati mu mota. Chikundizunguza n'chakuti fezi yomwe ikuoneka yotsika ndi L3, koma maampu ochuluka ali pa L1. Funso langa ndi ili: ndingatsimikize bwanji mbali imene kuli vuto ndisanapemphe kuti mota itsitsidwe? Mizere iwiri kapena itatu yondilozera koyambira ingandikwanire. Pakadali pano masana tikugwiritsa ntchito pampu nambala 1, choncho si nkhani yoti musiye zanu n'kuthamangira kuno.

Pempho langa nali. Ndikufuna kukhwima pa ntchito yofufuza zovuta za mamota, makamaka kudziwa choyenera kuyamba kuyeza ndi choyenera kusiya. Ndinaona mmene munkatifunsira mafunso tsiku lija, aliyense n'kupeza yankho ndi mutu wake, ndipo umo ndi mmene ndikufunira kuphunzira. Ngati nthawi ingakuloleni, ndikupempha kuti tizikumana mphindi 30 kamodzi pa mwezi kwa miyezi itatu. Ine ndizibwera komwe muli, pa tsiku ndi nthawi imene mwasankha. Kutatsala masiku awiri ndizikutumizirani tsamba limodzi lokhala ndi vuto limodzi, zimene ndayeza, ndi mmene ine ndikuganizira. Miyezi itatuyo ikatha, nkhani yathera pomwepo pokhapokha inu mutaona kuti n'koyenera kupitiriza.

Akapitawo anga ndawauza kuti ndikukulemberani, ndipo avomera. Sindikupempha kuti mundilankhulire kwa mabwana kapena kuti mulowerere pa ntchito za gawo lathu. Ngati miyezi ino yakuthinani, yankho la funso la mota lokhalo ndilithokoza kwambiri, kapena mungonditchulira munthu wina amene mukuona kuti angandithandize.

Ine wanu,
Tadala Nkhoma

Lachiwiri madzulo

A Tadala,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mwachita bwino kusakweza ovalodi, ndipo musalole munthu aliyense kuikhudza. Kutentha kwa koyilo kukakwera ndi madigiri 10 okha kuposa mlingo wake, moyo wa insuleshoni umadulidwa pafupifupi ndi theka. Mota siipsa tsiku lomwelo, imadzapsa patapita miyezi, aliyense ataiwala kale amene anatembenuza kagudumu ka ovalodi.

Za L1 ndi L3 zisakuzunguzeni. Mota ya mafezi atatu si mababu atatu oyaka payekhapayekha. Fezi imodzi ikatsika, maampu amasokonekera m'mafezi onse, ndipo ochuluka sakhala pa fezi yotsikayo nthawi zonse. Kawirikawiri kusiyana kwa maampu kumakhala kowirikiza ka 6 mpaka ka 10 poyerekeza ndi kusiyana kwa mavoti, ndiye 1.8 ndi 10 wanuyo akugwirizana. Komanso mwaona bwino kuti miyezo iwiri yotsikayo yonse ikukhudza L3. Maganizo anu ali pa njira, koma sanatsimikizike.

Chitani chonchi. Zimitsani, khomani loko, yezani kuti mwatsimikiza kuti mulibe magetsi, kenako lembani zizindikiro pa mawaya atatu olowa mu sitata musanamasule ngakhale imodzi. Asuntheni onse atatu ndi malo amodzi: wa L1 apite pamene panali wa L2, wa L2 pamene panali wa L3, wa L3 pamene panali wa L1. Musasinthanitse awiri okha, chifukwa pampu izungulira chobwerera, ndipo pa mapampu ena impela imamasuka. Onaninso ngati mawaya a kontulo akutengera magetsi pamenepo, asasiyidwe polakwika. Mukayatsa, yezani masana nthawi yomwe ija. Maampu ochuluka akatsatira waya wa L1, vuto lili kumbuyo, ku magetsi olowa. Akatsalira pa teminolo yakale ija, vuto lili mu sitata, mu kebulo yopita ku mota, kapena mu mota momwemo.

Pali ziwiri zimene simunayeze. Ovalodi yanu siona 32 A, imaona maampu a m'makoyilo, ndiye ikani kilampu pa mawaya opita ku U1, V1 ndi W1. Ovalodi yabwino siyenera kudumpha pa 1.05 kuchulukitsa ndi pamene yatcheredwa, koma pa 1.2 iyenera kudumpha maola awiri asanathe. Koyilo imodzi ikakhala pakati pa ziwirizi, mupeza zimene mukuonazo: mota kuyenda kanthawi ndithu kenako n'kuzima. Chachiwiri, yezani mavoti ndi maampu pa bolodi imene imadyetsa nyumba ya mapampu, m'mawa ndi masana, ndipo mudzifunse kuti n'chiyani chimayatsidwa dzuwa likatentha. Poyeza magetsi ali moyo musakhale nokha, ndipo mita yanu ikhale ya CAT III kapena kuposa.

Tsono za pempho lanu. Ndavomera, ndipo chandikopa n'chakuti mwabwera ndi manambala komanso maganizo anuanu, ndiye ndili ndi poyambira. Tizikumana Lachinayi loyamba la mwezi, 7:30 m'mawa, ku wekishopu, anthu asanachuluke. Mubwere ndi kabuku kanu ka miyezo. Ndidzayamba ndi kukufunsani zimene mukuganiza, ndipo nthawi zina ndidzakubwezani mukayezenso osakupatsani yankho. Musadzaone ngati ndakukankhirani kutali. Pakati pa mwezi mutha kundilembera, koma ndimayankha pakatha tsiku kapena awiri. Nkhani yoika moyo wa munthu pa chiswe musaidikirire kalata: zimitsani, uzani akapitawo anu, kenako imbani. Ndipo chilichonse chimene tingagwirizane, chilolezo chogwira makina chimachokera kwa akapitawo anuwo, osati kwa ine.

Mundiuze zimene mupeze.

Mbewe

Lachisanu masana

Bambo Mbewe,

Zikomo kwambiri chifukwa cha yankho lanu komanso povomera pempho langa. Lachinayi loyamba la mwezi, 7:30, ndalemba.

Ndachita monga munanenera, akapitawo ali pomwepo. Ndisanasunthe mawaya ndinayeza makoyilo masana: 18.2 A, 17 A ndi 15 A. Yoyambayo ndi 1.1 kuchulukitsa ndi 16.5, pakati pa malire awiri munatchula aja. Nditasuntha mawaya atatu aja, pampu inazungulira mbali yake yomwe, ndipo maampu ochuluka anatsatira waya wa L1. Choncho mota ndi sitata zilibe mlandu.

Pa bolodi ndi pamene panaonekera zonse. M'mawa mafezi atatu anali pafupifupi ofanana. Nthawi ya 2 koloko L3 inali itanyamula 81 A, pomwe L1 inali pa 47 A ndipo L2 pa 44 A. Makina anayi oziziritsa m'maofesi ndi giza imodzi, zonse za fezi imodzi, zinalumikizidwa pa L3 pamene maofesiwo ankawonjezeredwa, ndipo sizinalembedwe pa chithunzi cha bolodi. Dzulo titalandira chilolezo tinasamutsira makina amodzi pa L1 ndi awiri pa L2, n'kusiya amodzi ndi giza pa L3. Chithunzi ndachikonza, ndipo mabuleka onse ndawalemba mayina. Mawaya a pa sitata ndawabwezera m'malo mwake.

Lero masana mavoti ali 396, 395 ndi 393, maampu ali 29.5, 29 ndi 28.5. Mota yayenda maola anayi osazima, ovalodi ikadali pa 16.5 A.

Chatsala chimodzi, ndipo sindikupempha yankho lero. Ngakhale mafezi afanana, mota ikukokabe pang'ono kupitirira 28.5 A ya pa mbale. Valavu yotulukira madzi ndi yotsekula yonse, ndipo ndikudziwa kuti pampu ya mtundu uwu imakoka mphamvu zambiri madzi otuluka akachuluka. Sabata yamawa ndilemba maampu pamodzi ndi zimene geji ya puleshala ikuonetsa, katatu pa tsiku, ndipo ndifufuza pepala la wopanga pampuyi kuti ndione pamene iyenera kugwirira ntchito. Limeneli ndilo likhale vuto la pa tsamba langa loyamba, ndipo mulilandira Lachiwiri la sabata yokumanayo.

Ine wanu,
Tadala Nkhoma