Pulani ya masamu, Sitandade 4: kuwerenga ndi zithunzi

Zipangizo: zitsekerero za mabotolo, mapensulo 12, mabuku 8, choko 6.

Poyamba, mphindi 5, ana awerenge zinthuzi mokweza ine ndizilemba manambala pa bolodi.

Kenako m'magulu, ayale pansi chitsekerero chimodzi pa pensulo iliyonse, mabuku ndi choko chimodzimodzi pa mizere yakeyake, mizere iwongoke bwinobwino apo ayi mabuku azaoneka ngati achuluka. Akamaliza ndifunse, nanga zitsekerero zikatichepera titani? Asiyeni aganize kaye, osawauza msanga. Tikagwirizana kuti chimodzi chiziimira zinthu 2 ndiye mapensulo akhala ndi zitsekerero 6, mabuku 4, choko 3 ndipo tilembe mmusimo kuti chitsekerero 1 = zinthu 2, ana amaiwala kwambiri pamenepa.

Mphindi 10 zomaliza ajambule mmakope, ndizungulire kuchonga.

Yakunyumba: masipuni 10, chizindikiro chimodzi masipuni 2.