Viyemu ya maakaunti ikukwawa, yamba ndi izi

Mphwanga, meseji yako yoti viyemu ya maakaunti ikuchedwa yandipeza ndili mu tekisi yopita ku Midrand, chonde usathamangire kuwonjezera mapurosesa pa viyemu ija ngati mmene abwana akunenera, ukhoza kungoyipweteka. Lowa kaye mkatimo ulembe izi:

```
free -h
vmstat 1 10
```

Nambala ya pa `free` isakuwopse, Linux amatenga memoli yongokhala n'kumasungiramo mafayilo, iweyo yang'ana pa `available`. Kenako pa `vmstat` uwone `si` ndi `so`, zikamasuntha sekondi iliyonse ndiye kuti memoli yathina, zinthu zikukankhidwira ku swapu pa disiki. Koma nthawi zina yothina ndi hosti yeniyeniyo, ndiye pita pa ESXi utsegule `esxtop`, dina `m`. `MCTLSZ` ikakhala pamwamba pa 0 hosti ikulanda memoli kudzera mu baluni (ikapanda kuwoneka dina `f` uyitsegule), ndipo `SWR/s` ikamayenda basi zafika poipa.

Ineyo mtima wanga uli pa disiki. Wati kuchedwaku kunayamba magetsi atabwerera, eti? Chaka chatha nthawi ya lodishedingi ndinagona ku ofesi usiku wonse ndi buledi ndi tiyi wozizira ndikufufuza zomwezi, kumapeto ndinapeza kuti batire ya kadi ya RAID inafa, ndiye kadiyo inasiya kulandirira mu kashi, chilichonse kumadikira disiki ilembe kaye, maviyemu onse kumangoyenda ngati nkhono. Ukawona `wa` yakwera pa `vmstat` lemba:

```
iostat -x 1 5
```

`r_await` ndi `w_await` ndi mamilisekondi odikira. Ku `esxtop` dina `u`, `DAVG/cmd` ikamakhalitsa kupitirira 20 vuto lili ku sitoreji, osati mu viyemu yako. Funsanso ngati bakapu ya usiku inathadi kapena ikuthamangabe masana ano, ndiponso uwone masinapushoti akale, anthu amajambula n'kuyiwala miyezi.

Mapurosesa pomaliza. `st` ya pa `vmstat` usayidalire, pa VMware nthawi zambiri imangoti 0 ngakhale zinthu zili pothina. Ku `esxtop` dina `c` uyang'ane `%RDY`, imeneyo ndi nthawi yomwe viyemu yakonzeka kugwira ntchito koma ikudikira mpata ngati ife pa mzere wa tekisi ku Noord. Ugawe ndi kuchuluka kwa ma `vCPU` ake, ikadutsa 5 aliyense yamba kukayikira, 10 ndiye ayi ndithu. Hosti yathu ija ili ndi makoo 16 koma tinagawa ma `vCPU` 60, ndipo ya maakauntiyo yokha ili ndi 8. `%CSTP` ikamapitirira 3 ndiye kuti 8 amenewo akudikirana okhaokha, itsitse ifike pa 4, koma pamafunika kuyizimitsa ndiye udikire amayi a ku maakaunti aweruke 5 koloko, uwauziretu.

Sintha chinthu chimodzi chimodzi, ujambule sikirini usanasinthe ndi pambuyo pake unditumizire pa WhatsApp, ndikatsika ndikuyimbira.