Funso 2: Nkhani ya njinga yamoto

Chikondi anauza Mphatso pa WhatsApp kuti akugulitsa njinga yake ya kabaza pa K900,000. Mphatso anati 800 bwanji, Chikondi anakana. Mawa lake Mphatso anatumiza meseji kuti chabwino ndilipira 900 yomweyo, koma njinga inali itagulitsidwa kale. Kodi panali kontirakiti?

Yankho: Ayi panalibe. Ofa inalipo ndithu chifukwa Chikondi anatchula katundu ndi mtengo momveka. Vuto lili pa kuvomera. Munthu ukavomera ofa umayenera kuitenga mmene ilili, ndiye Mphatso atanena 800 ija sanavomere koma anabweretsa ofa yake yatsopano ndipo zimenezi zimapha ofa yoyamba ija, ndi mmene khoti linagamulira pa Hyde v Wrench mu 1840, mlandu wa ku England womwe makhoti athu amautsatira. Meseji ya mawa lake inangokhala ofa inanso yomwe Chikondi sanaivomere.

Zinazo zinali bwino, onse ndi akuluakulu, ndi nkhani ya bizinesi osati zocheza, ndalama zikanasinthana ndi njinga. Koma poti sanagwirizane, Mphatso ngakhale atasuma sangawine.