Kalata Yotsanzikana ndi Bwana Manijala Athu

Ngabu, Chikwawa

Wolemekezeka Bwana Manijala,

Anzanga a pa depoti pano andituma kuti ndikulembereni mawu otsanzikana musananyamuke Loweruka kupita ku Balaka. Tidagwirizana kuti m'kalata muno mulowe zokhazo zimene tingathe kunena tikukuyang'anani m'maso.

Kugwira ntchito ndi inu sikudali kophweka, ndipo nanunso mukudziwa. Mzere wofiira umene munkajambula m'buku losainira ikangokwana 7 koloko sunkasiya munthu, ngakhale amene wapalasa njinga kuchokera kutali m'matope a dzinja. Umenewo tidauzolowera. Chimene chidatikanika kuzolowera ndi kukalipiridwa pagulu. Bambo wa ana ndi zidzukulu akazaziridwa pa sikelo, alimi a m'mudzi mwake ali pamzere ndi ngolo zawo za thonje, manyaziwo amapita nawo kunyumba, mawa n'kudzukanso nawo. Ena mwa ife zimenezi zikutiwawabe, ndipo sitikufuna kukunamizani kuti taiwala.

Koma tikangonena zokhazi tikhala takulakwirani. Musadabwere, alimi ankang'ung'udza kuti sikelo ya pano imadya makilogalamu awo. Inu mudalamula kuti m'mawa uliwonse tiziyamba taikapo mwala woyesera wa makilogalamu 20, alimiwo akuona, kenako n'kuyamba kugula. Poyamba tinkaona ngati mukutikayikira. Lero mayi wobwera ndi chitowe chake amatsitsa thumba mtima uli m'malo, ndipo ine ndimayenda mu msika wa Ngabu popanda wondiloza chala. Ulemu umenewu mwatisiyira ndinu.

Sitidzaiwalanso Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana adadula msewu wa M1 ndipo chigwa chonse chidasanduka nyanja. Mudagona m'nyumba yosungira katundu, thalauza mutapinda mpaka m'maondo, mukusenza nafe matumba kuwakweza pamwamba. Usiku umenewo simudakalipire munthu. Madzi ataphwa, mudalimbana ndi akuluakulu mpaka alonda awiri amene nyumba zawo zidagwa adapatsidwa malata.

Tili ndi pempho limodzi, bwana. Kumene mukupitako mukapeza anthu ofuna kugwira ntchito ngati ife. Wina akalakwitsa, mukamuitanire mu ofesi, mukatseke chitseko, ndiye mukamudzudzule mmene mungafunire. Akakumverani koposa mmene ife tinkakumverani, pakuti ife nthawi zina tinkangomvera chifukwa cha mantha.

Tasonkherana ndalama ndipo tagula mbuzi yaikazi, ili kwa alonda. Dalaivala wavomera kuikweza limodzi ndi katundu wanu, koma akuti munyamuke m'mamawa kuti mukakwere mapiri a ku Thabwa dzuwa lisadapse. Makiyi a sikelo ndi mabuku a malisiti ndidzawalandira Lachisanu masana monga mudanenera.

Mutiperekere moni kwa mayi ndi ana. Muyende bwino, Mulungu akutsogolereni.

Ine wanu,
Kalaliki wa pa sikelo,
m'malo mwa ogwira ntchito onse a pa depoti